Bitiruti, tameriki kapena sipinachi: uti amapirira moto, uti ndi wa pa aisingi basi

Mwezi wa Julaye ndinalandira oda ya keke ya befide kuchokera kwa amayi ena a kutchalitchi kwathu kuno ku Dedza, mwana wawo amakwanitsa zaka 5. Anandiuza kuti asisi ine ndikufuna keke ya magawo atatu, mkati pinki, chikasu ndi girini, koma kala ya m'botolo ija ayi, mwanayu akadya zinthu zothira kala amatuluka tiziphuphu. Ine kuvomera changu ngati ndinapangapo kale. Ndinali ndi masiku 6, ndipo mwayi wake ndinayamba kuyeserera tsiku lomwelo, chifukwa ndikanadikira tsiku la oda bwenzi nditachita manyazi mpingo wonse.

Bitiruti ndinatuma alamu anga amene amachokera ku Ntcheu kuti andigulire pa Lizulu, tameriki ndi wa ufa uja wa m'mapaketi a zokometsera ndiwo, sipinachi ndinathyola kudimba kwa aneba. Phala la keke ndinapanga limodzi mwa nthawi zonse, lija ndinaphunzira kwa mayi anga lokhala ndi soda wambiri ngati la chigumu, n'kuligawa patatu, n'kuthira mitundu. Musanaike mu uvuni kukongola kwake eee, pinki wa bitiruti ngati chitenje chatsopano. Patatha mphindi 30 ndikudula, wa bitiruti uja wasanduka bulawuni ngati keke ya koko yosowa koko, wa tameriki wapita ku olenji komanso ali ndi timadontho tofiira ngati wadwala chikuku, wa sipinachi yekha ndi amene anatuluka wobiriwira bwinobwino.

Mawa lake ndinati basi vuto ndi soda, ndinamuchotsa n'kuika bekingi pauda, ndipo poti ndinamva kuti mandimu amathandiza ndinafinyira mandimu m'phala lonse. Ulendo uno bitiruti anatsala ndi pinki, tameriki chikasu chowala ngati mpendadzuwa, koma sipinachi amene anandisangalatsa dzulo uja wasanduka khaki, mtundu wa kabudula wa mesenjala. Apa m'pamene ndinaona kuti nkhani si moto wokha ayi. Moto umangofulumizitsa zinthu, koma mbali imene mtundu upite imatengera ngati phala lanu lili lowawasa kapena lili ndi soda, ndipo atatuwa safuna zofanana. Phala limodzi silingawasangalatse onse.

Ndiyambe ndi bitiruti poti ndi amene aliyense amathamangira, komanso ndi amene amakhumudwitsa kwambiri. Chofiira chake chija chimatchedwa betanini, chimasungunuka m'madzi, n'chifukwa chake mukangomudula manja ndi thabwa zonse psuu. Koma ndi chofooka pa moto kuposa anzake awiriwa. Chikatentha nthawi yayitali chimasweka, chofiira chimachoka, kumatsala kachikasu kosakanizika ndi bulawuni. Soda amachifulumizitsa kufa, pomwe kuwawasa pang'ono kumachiteteza. Ndiye ngati mukufuna pinki mkati mwa keke pali zinthu zingapo zoti musanyalanyaze, ndipo choyamba ndi choti bitiruti akhale wamuwisi. Ambiri timayamba tamuwiritsa mpaka afewe kenako n'kumuikanso mu uvuni, ndiye kuti wapsa kawiri, theka la mtundu latsala m'madzi owiritsira muja mwataya kuseri. Mupaleni wamuwisi pa gireta, mbali ya mabowo aang'ono kwambiri, kapena pa bulenda ngati muli nayo, ndipo mufinyireni mandimu pomwepo asanakhudze china chilichonse.

Chachiwiri soda asayandikire. Bekingi pauda ali nayenso soda mkati koma amabwera ndi asidi wake woti athane naye, ndiye phala silipendekera mbali ya soda. M'malo mwa mkaka wamba ikani chambiko. Ndipo keke ikhale yopyapyala kuti ipse msanga, chifukwa mphindi iliyonse yowonjezera mu uvuni ikudya mtundu. Makapukeke amasunga pinki bwino kuposa keke yayikulu yokhuthala, chifukwa amapsa pa mphindi 18 kapena 20 pomwe yayikulu imafuna 40 kapena kuposa.

Koma ndinene chilungamo, ngakhale mutachita zonsezi simupeza kufiira kwa kala ya m'botolo. Mupeza pinki wakuda pang'ono wopita ku mtundu wa vinyo, ndipo m'mbali ndi pamwamba padzakhala bulawuni basi. Kasitomala amene wabwera ndi chithunzi cha pa foni cha keke yofiira ngati magazi muuzeni pachiyambi pomwe kuti bitiruti safika pamenepo, musalonjeze. Ena amathira koko kuti zifanane ndi keke yofiira ija, ine ndinayesa, supuni imodzi yaying'ono yokha inameza pinki yense.

Kumene bitiruti amawala ndi pa aisingi, chifukwa kulibe moto. Pa majarini wa magalamu 250 ndi shuga wa aisingi wa magalamu 500, ndimapala bitiruti m'modzi wamng'ono, kufinya pa kansalu koyera, n'kuthira madziwo supuni yaying'ono imodzi, kutakasa, kuona, kenako ina. Masupuni aang'ono awiri amapereka pinki wa ana uja. Vuto limabwera mukafuna wakuda, chifukwa mumangothirabe madzi, ndipo aisingi wa majarini salandira madzi ambiri, akapitirira masupuni akuluakulu awiri kapena atatu amayamba kusweka, mumaona timadontho tofiira tikutuluka thukuta pa keke ndipo aisingiyo amaoneka ngati chambiko chodukaduka. Njira yake ndi kuchepetsa madziwo, kapu imodzi ya madzi a bitiruti muike pa moto wochepetsetsa ndi timadontho ta mandimu, isabwadamuke, ingotuluka nthunzi mpaka atsale masupuni atatu, azizire kaye ndiye muthire. Mukawiritsa mwamphamvu poti mukufulumira mupeza manyuchi a bulawuni.

Kuno kwathu kuli kavuto kena kowonjezera, kuzizira. Mu Juni ndi Julaye majarini amakhala gwaa ngati sopo, ndipo mukathira madzi ozizira a bitiruti pa majarini wolimba sizigwirana ngakhale mutakase mpaka mkono kuwawa. Ine ndimaika mbale ya aisingi pamwamba pa poto wa madzi ofunda kwa kamphindi, m'mbali mukangoyamba kunyezimira ndichotse n'kumenya, zimagwirana. Komanso majarini wathu ndi wachikasu kale, ndiye pinki wake amapendekera ku mtundu wa mkati mwa gwafa. Mukamumenya yekha kaye kwa mphindi 5 musanathire shuga amayererako ndipo pinki amatuluka woyera bwino.

Fungo la dothi lija la bitiruti ndi lenileni, ana ena amalimva msanga. Mandimu amalichepetsa, vanila amalibisa. Ndipo muwauze makolo kuti mwana akadya yambiri mkodzo ukhoza kufiirira, si matenda, asathamangire kuchipatala usiku.

Tameriki ndi munthu wina. Iyeyu moto samuopa kwenikweni, chikasu chimene mwaika m'phala ndi chimene mupeze podula, mwinanso chowonjezereka. Koma ali ndi khalidwe lake ndi soda, ndipo mukulidziwa kale ngakhale simunaphikepo keke. Kumbukirani nsalu yopukutira mbale itadetsedwa ndi ndiwo zothira kale, ufa wachikasu wokometsera uja, mukangoipaka sopo banga lachikasu lija limasanduka lofiira, mukatsukuluza limabwerera. Ndi zomwezo zimachitika m'keke. Pamene pali kachibuluma ka soda kosasungunuka, tameriki wozungulira pamenepo amafiira, ndiye timadontho ta chikuku tija. Soda akachuluka m'phala lonse keke yonse imapita ku olenji wakuda. Mukhoza kuyesa nokha pa sosala, tameriki pang'ono m'madzi, thirani soda muone kufiira, finyirani ndimu muone chikasu chikubwerera. Mankhwala ake ndi osavuta, bekingi pauda m'malo mwa soda, ndipo asefedwe pamodzi ndi fulawa kawiri.

China ndi choti chikasu cha tameriki sichisungunuka m'madzi, chimakonda mafuta. Mukangomuwaza mu mkaka amayandama n'kusiya timadontho. Ine ndimafunditsa mafuta ophikira pang'ono, ofunda chabe oti chala chipirire, n'kuthiramo tamerikiyo, kutakasa, kudikira mphindi 5, mafuta onse amasanduka golide, ndiye ndithire m'phala. Pa aisingi ndimachita chimodzimodzi ndi supuni imodzi ya majarini wosungunula, azizire kenako asakanizidwe ndi mnzake. Ndipo pa aisingi musapupulume kuwonjezera, chifukwa chikasu chimapitiriza kukhwima, chimene mukuchiona chotuwa madzulo mawa m'mawa chimakhala chitadera.

Malire a tameriki ali pakamwa osati pa maso. Kota ya supuni yaying'ono pa kapu imodzi ya fulawa imakwana ndipo palibe amene amamva. Mukafika supuni yonse keke imayamba kuwawa kukhosi ndi kununkhira mpunga wa paukwati. Onetsetsaninso kuti paketi yanu ndi tameriki yekha, osati kale wa ndiwo, amafanana mtundu koma winayo ali ndi zokometsera zina, nthawi zina ndi tsabola yemwe. Mdani wake wina ndi dzuwa. Keke ya aisingi wa tameriki mukaiika pa windo kapena patebulo la panja tsiku lonse, mbali yoyang'ana dzuwa imatuwa, ndiye ikhale m'bokosi mpaka nthawi yodula. Za mabanga pa mbale za pulasitiki ndi pa epuloni sindinena zambiri, dzuwa lomwelo ndi limene limawachotsa mukayanika.

Tsopano sipinachi, amene anandinamiza tsiku loyamba. Kubiriwira kwa masamba kumachokera ku kolorofilo, ndipo pakati pa kolorofiloyo pamakhala maginiziyamu. Moto ukakumana ndi chowawasa, maginiziyamu uja amachoka, girini n'kusanduka khaki. Izinso tonse tinaziona m'khitchini, mpiru wophika nthawi yayitali ndi matimati ambiri umatuluka wotuwa, pomwe nkhwani kapena therere lothira soda limakhala biriwiri. Ndiye zimene bitiruti amafuna, mandimu ndi chambiko, ndi zomwe zimapha sipinachi. M'gawo lake muike mkaka wamba, bekingi pauda, ndipo ngati mukufuna fungo la mandimu palani khungu lake lokha, madzi ake ayi. Kansonga ka soda kotsina ndi zala ziwiri sikalakwika m'gawo ili, koma kakapitirira keke imamveka sopo.

Chimene timachitcha sipinachi m'misika yathu nthawi zambiri ndi uja wa masamba akuluakulu okhwinyata a nthiti yoyera pakati. Amagwira ntchito bwinobwino, koma nthiti ija ichotsedwe chifukwa ndi madzi okhaokha ndipo ilibe mtundu, ndipo musankhe masamba anthete. Muwaviike m'madzi owira kwa masekondi 30 basi, muwatulutse n'kuwaponya m'madzi ozizira, mudzaona girini wakwera kuposa ali aawisi. Finyani ndi manja mpaka atsale kampira, kenako mugaye pa bulenda pamodzi ndi mkaka ndi mafuta a m'resipe yomweyo kuti musawonjezere madzi ena. Opanda bulenda, kamtondo kaja kosinjira nsinjiro kamagwira, kungoti mutsuke bwino ndipo musefe, apo ayi keke imakhala ndi timasamba ndipo ana akangoona amati muli ndiwo, osadyanso. Kakomedwe kake n'kodabwitsa, mwa atatuwa sipinachi ndi amene samveka kwenikweni m'keke. Bonongwe ndinayesanso, amabiriwira bwino koma fungo lake limatulukira.

Pa aisingi sipinachi ndi wovuta. Masamba ogaya ali ndi madzi ambiri ndi timinyeminye, ndipo girini wake pa majarini wachikasu amatuluka wotuwa ngati mkati mwa peyala. Pali njira imodzi imene inandigwirira. Gayani masamba aawisi ndi madzi, sefani pa nsalu, madzi obiriwirawo muike pa moto wochepa mukuyang'anira. Asanawire mudzaona zobiriwira zikuundana n'kuyandama pamwamba, pansi patsala madzi otuwa. Chotsani pa moto pomwepo, thirani pa nsalu yoyera, chimene chatsala pa nsalucho ndi kaphala kobiriwira kwambiri kopanda madzi ambiri, theka la supuni yaying'ono limakwana mbale ya aisingi. Mukachedwa n'kulola kuti awire ndi khaki uja wabweranso. Ndi ntchito yambiri pa kanthu kochepa, ine ndimangochita pofuna timasamba tokongoletsera maluwa a pa keke, keke yonse kuipaka girini wa sipinachi sindingavomere oda yake. Ndipo aisingi ameneyu sachedwa kutuwa, apangidwe tsiku lomwelo.

Keke ya mwana uja pomaliza ndinapanga magawo atatu aliyense m'mbale yake. Poyambira panali pofanana, gawo lililonse fulawa kapu 1, shuga theka la kapu, dzira 1, mafuta kota ya kapu, bekingi pauda supuni yaying'ono 1 yodzadza bwino, kamchere ndi vanila. Kusiyana kunali pa zamadzi. La pinki ndinaika bitiruti wamuwisi wogaya pafupifupi theka la kapu, madzi a mandimu supuni yayikulu 1 ndi chambiko masupuni 3. La chikasu kota ya supuni yaying'ono ya tameriki m'mafuta ofunda, ndi mkaka wochepera pang'ono theka la kapu. La girini masamba odzadza manja awiri, amene atafinyidwa anatsala kampira ngati dzira, kugaya ndi mkaka masupuni akuluakulu 5. Thini ya masentimita 20, uvuni pa madigiri 170, ndipo ndinayamba kubaya ndi kamtengo pa mphindi 20. La chikasu ndi la girini anapsa pa 22, la bitiruti linafuna mphindi zina 4 poti ndi lonyowa, ndipo limafufuma mochepera anzake, ndiye musadabwe likakhala lalifupi.

Potuluka onse atatu anali a bulawuni kunja, mtima unagunda. Koma kunja kumakhala choncho nthawi zonse, chifukwa khungu la keke limauma n'kutentha kwambiri mpaka shuga kupserera, pomwe mkati mukakhala muli chinyezi simupitirira kutentha kwa madzi owira. Ndiye mtundu muziweruza mkati. Atazizira ndinasenga khungu lapamwamba ndi m'mbali ndi mpeni wa buledi, mitundu inaonekera. Muwatulutsenso m'thini pakatha mphindi 10, chifukwa akakhalitsa m'chitsulo chotentha amapitiriza kupsa ndipo bitiruti ndi sipinachi amapitiriza kutuwa.

Kwa amene mumaphikira pa mbaula, m'poto wa mchenga ndi makala pa chivindikiro, nkhani ndi yomweyi koma tameriki yekha ndi amene amakhululuka. Moto wa pansi ukachuluka gawo la bitiruti limatuluka mitundu iwiri, pansi bulawuni wokhuthala ngati chala, pamwamba pinki. Chepetsani makala a pansi, ambiri akhale pamwamba, ndipo phala lisapitirire zala ziwiri m'thini. Tsiku lina magetsi atazima ndinaphika makapukeke a sipinachi pa nthunzi, m'poto wa madzi owira ndi sefa yachitsulo, chivindikiro nditachikulunga nsalu kuti madzi asadonthere. Anatuluka obiriwira mpaka kunja komwe chifukwa nthunzi sipanga khungu la bulawuni, kungoti amakhala onyowa ngati mkate wa nthochi, ena amakonda ena ayi.

Mukandifunsa kuti ndisankhe chimodzi, mkati mwa keke ndi tameriki, wotchipa, sasintha pa moto, paketi imodzi mutha nayo chaka. Pa aisingi ndi bitiruti. Sipinachi mkati inde, pamwamba ayi pokhapokha timasamba. Ndipo aisingi wopita pakati pa magawo akhale woyera wopanda mandimu, ine ndinalakwitsa pamenepa, ndinaika wa mandimu pakati pa la chikasu ndi la girini ndipo m'mawa mwake pamene anakhudzana ndi sipinachi panali kamzere ka khaki. Sikanaoneke kwambiri koma ine ndimakaona.

Amayi aja anabwera kudzatenga Loweruka cha m'ma 10, kunja kuli nkhungu mpaka phiri osaoneka. Pamwamba ndinapaka pinki wa bitiruti, timaluwa ta chikasu ndi timasamba tiwiritiwiri. Ndinawauza kuti amayi isakhale padzuwa ndipo idyedwe lero kapena mawa. Madzulo ananditumizira chithunzi itadulidwa, ati ana anakanganirana gawo la girini, ndipo mpaka pano sanawauze kuti munali masamba.